Zolemba za ntchito yoyeza galasi la mapulizimu awiri a m'kabati yathu

Sabata yoyamba, Lachiwiri

M'kabati ya labotale yathu muli mapulizimu awiri agalasi amene palibe akudziwa kumene anachokera. Bokosi lake linatayika kalekale, ndipo pagalasipo sipanalembedwe kanthu. Onse ndi a ngodya zitatu zooneka ngati zofanana, kukula kwake n'kumodzi, koma ukawanyamula m'manja imodzi imalemerako kuposa inzake. Ine ndi ana asanu ndi mmodzi a Fomu 4 a m'kalabu ya sayansi tagwirizana kuti tipeze n ya galasi la pulizimu iliyonse, nambala ija yonena mmene galasi limapindira kuwala, imene m'kalasi timaitchula kuti lifulakitivi indekisi. Sindikufuna yankho lakuti "ili cha m'ma 1.5". Ndikufuna tifike pa manambala atatu a pambuyo pa kadontho, chifukwa ndi pamenepo pamene munthu angayambe kunena kuti ili ndi galasi la mtundu wakuti.

Njira imene tasankha ndi ya kupatuka kochepetsetsa. Kuwala kukalowa pa nkhope imodzi ya pulizimu n'kutulukira pa nkhope inayo, sikupitiriza njira imene kunabwera nayo, kumakhotera chakutsinde kwa pulizimu. Ngodya ya pakati pa njira yoyamba ija ndi njira yotulukira ndiyo tikuitcha kupatuka, D. Ukamazunguliza pulizimu, D imasintha, koma pali malire amene singatsike kupitirira. Malire amenewo, pamodzi ndi ngodya A ya pansonga ya pulizimu, ndi zokwanira kutipatsa n. Tiyamba ndi pulizimu yopepukayo.

Sabata yoyamba, Lachinayi

Lero tagwira ntchito ndi mapini, pepala loyera, bolodi lofewa ndi pulotakitala, mmene ana amachitira pokonzekera mayeso. Timajambula malire a pulizimu papepala, timajambula mzere wolowera pa ngodya i kuchokera pa mzere woima chilili pa nkhope, timabaya mapini awiri pamzerewo, kenako timasuzumira kunkhope inayo n'kubaya mapini ena awiri mpaka onse anayi aoneke ngati pini imodzi. Tikachotsa pulizimu timalumikiza mabowo a mapini n'kuyeza D.

Zimene tapeza, powerenga mpaka theka la digiri: pa i ya 35°, D inali 42.5°, pa 40° inali 40°, pa 45° inali 38.5°, pa 50° inalinso 38.5°, pa 55° inali 39°, pa 60° inabwerera ku 40°.

Gulu lina linayesa i ya 25° ndipo linakhala nthawi yaitali likusuzumira osaona pini n'imodzi yomwe. Mtsikana wina anabwera kudzandiitana. "Aphunzitsi, mapini athu asowa, mwina tajambula molakwika." Sanalakwitse. Pa ngodya yaing'ono chotero, kuwala kumafika pa nkhope yachiwiri mopendekera kwambiri, kupitirira pafupifupi 41°, ndipo sikutuluka. Konse kumabwerera m'kati mwa galasi n'kukatulukira kutsinde. Kwa pulizimu ngati iyi, i ikatsika kufika cha pa 29° njira yatsekeka. Ndinawauza asuzumire kutsinde kuti aone kumene kuwala kwawo kwapita.

Mapini ali ndi vuto lawo. Akakhala pafupi kwambiri, mzere wowalumikiza umapendekera mosavuta, n'chifukwa chake ndawauza kuti pakati pa pini ndi inzake pazikhala masentimita osachepera 5, ndipo aziyang'ana kumiyendo kwa mapini, osati kumitu, popeza pini yobayidwa ndi dzanja siima chilili.

Sabata yoyamba, Loweruka

Tinakumana m'mawa kuti tijambule girafu ya D ndi i. Yatuluka ngati chigwa: kumanzere phiri lotsetsereka kwambiri, kumanja chitunda chokwera pang'onopang'ono, pakati dambo lafulati. Ndinafuna kuti ana amvetse chifukwa chake pansi pa chigwacho ndi pamalo apadera, asangoloweza fomula.

M'kati mwa galasi kuwala kumapanga ngodya r1 pa nkhope yoyamba ndi r2 pa yachiwiri, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa zimapereka A nthawi zonse. Kupatuka konse ndi kukhota kwa polowera kuphatikiza kukhota kwa potulukira, choncho, ngati e ndi ngodya yotulukira:

```
r1 + r2 = A
D = i + e - A
```

Tsopano taonani pepala la gulu limene linayeza i ya 40°. Kuwala kwawo kunatuluka pa e ya pafupifupi 60°. Gulu limene linayeza i ya 60° kuwala kwawo kunatuluka pa e ya pafupifupi 40°. Ndi njira imodzi yomweyo, kungoti ena anaiyenda chopita, ena chobwerera, ndipo kuwala kumatsata njira yomweyo ukakutembenuza. Ndiye kuti D iliyonse pa girafu imapezeka kawiri, ili ndi mapasa ake kutsidya kwa chigwa. Ukamatsika, mapasawo amayandikana, mpaka pansi penipeni amakumana n'kukhala mfundo imodzi, pamene i ndi e zafanana. Pamenepo r1 ndi r2 zafanananso, iliyonse ndi theka la A, ndipo i ndi theka la zimene timapeza tikaphatikiza A ndi D. Tikaika zimenezi mu lamulo la Snell timapeza:

```
n = sin((A + D)/2) / sin(A/2)
```

Ubwino wake uli apa: i yasowamo mu fomula. Ngodya yolowera ndi yovuta kuiyeza bwino, chifukwa imafuna kudziwa kumene mzere woima chilili pa nkhope waloza. Pa kupatuka kochepetsetsa sitifunikanso kuidziwa.

Ndi D ya 38.5° ndi A ya 60°, n yatuluka 1.515. Koma theka la digiri pa D limasuntha n ndi pafupifupi 0.006, choncho zimene mapini atiuza moona mtima n'zakuti n ili pakati pa 1.51 ndi 1.52. Mnyamata wina anadandaula kuti dambo lafulatilo likutilepheretsa kudziwa i yeniyeni ya pansi pa chigwa, kaya ndi 47° kaya 50°. Ndinamuyankha kuti asunge funso limenelo, adzaona sabata yamawa kuti kufulatika kumeneko ndi kumene kudzatithandize.

Sabata yachiwiri, Lolemba

Tatulutsa sipekitulomita imene yakhala yokutidwa ndi nsalu kwa zaka. Ili ndi mbali zitatu: kolimeta, chubu chokhala ndi kampata kopyapyala kumapeto ndi lenzi kutsogolo, chimene ntchito yake ndi kutulutsa kuwala koyenda mofanana kosabalalika, tebulo lozungulira loikapo pulizimu, ndi telesikopu imene imayenda mozungulira tebulolo. Sikelo yake yaikulu inagawidwa m'matheka a digiri, ndipo veniya, kasikelo kakang'ono kowerengera m'mbali mwake, ili ndi timagawo 30, choncho timatha kuwerenga mpaka miniti imodzi, gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri. Maveniya alipo awiri, moyang'anizana.

Tsiku lonse latha ndi kupukuta ndi kukonza, sitinayeze kanthu. Bambo amene amasamalira labotale anathira kadontho ka mafuta a makina osokera pa chitsulo chozungulirapo, chifukwa telesikopu imayenda modumphadumpha. Kenako tinakonza choyang'anira mpaka timizere topingasana ta m'kati mwa telesikopu taoneka bwino, tinatulutsa chida chonse pakhonde n'kulozetsa telesikopu pa mtengo wa paphiri lakutali mpaka waoneka bwino, ndipo kuyambira pamenepo ndaletsa aliyense kukhudzanso fokasi ya telesikopu. Titabwerera m'kati tinaloza telesikopu m'kolimeta n'kukonza kolimetayo mpaka kampata kaoneka.

Chotsatira chinali kuwongola tebulo, kuti nkhope ziwiri za pulizimu ziime chilili. Tebulo lili ndi masikuluwu atatu. Timaika pulizimu mwakuti mzere wolumikiza masikuluwu awiri uloze molunjika m'nkhope imodzi. Timayang'ana chithunzi cha kampata chonyezimira pa nkhope imeneyo n'kuchikweza kapena kuchitsitsa ndi masikuluwu awiriwo mpaka chikhale pakati. Kenako timapita kunkhope inayo n'kugwiritsa sikuluwu yachitatu yokha, imene siisokoneza nkhope yoyamba. Ana anafuna kudumpha gawo limeneli. Sindinalole, chifukwa kuwala kodutsa mopendekera m'pulizimu kumapatuka kwambiri kuposa koyenera. Umboni wake umaoneka ndi maso: chithunzi cha kampata chodutsa m'pulizimu sichikhala chowongoka, chimapindika ngati uta, nsonga zake zikuloza kumene kupatuka kuli kwakukulu. Choncho tiziwerenga pakati pa utawo, ndipo pakatipo pazikhala pa mphambano ya timizere.

Sabata yachiwiri, Lachitatu

Nyali ya sodiyamu sikuyaka. Tayesa mawaya, tayesa soketi ina, yakana. Kuwala koyera sikungatithandize, chifukwa galasi limapinda mtundu uliwonse wa kuwala mosiyana, ndipo n yopanda kutchula mtundu wa kuwala ndi nambala yosakwanira. Tinatenga mchere wa kukhitchini, tinanyowetsa kansalu ka thonje m'madzi amchere okhathamira, tinakakulunga pa waya n'kukaika m'mphepete mwa lawi la nyali ya sipiriti patsogolo pa kampata. Lawi linasanduka lachikasu chowala. Chikasu chimenecho ndi cha sodiyamu yemweyo wa m'nyali yofa ija, mizere iwiri yoyandikana ya mananomita 589.0 ndi 589.6, imene m'chida chathu ikuoneka ngati mzere umodzi. Ndi mzere umene Joseph Fraunhofer anaupatsa chilembo D cha m'ma 1814, pamene ankafunafuna mitundu ya kuwala yosasintha yoti aziyezera magalasi amene ankapanga ku Benediktbeuern, ku Bavaria. Vuto lake linali lomweli tili nalo ife. Chilembo chakecho chisasokonezedwe ndi D wathu wa kupatuka.

Tinatseka mawindo ndi makatoni. Mwana mmodzi amasamalira lawi, wina amazunguliza tebulo, wina ali pa telesikopu.

Apa ndi pamene ntchito yonse yagona, ndipo ndikufuna ndilembe bwino mmene zimaonekera. Umayamba wapeza mzere wachikasu ndi diso lokha, kenako umabweretsa telesikopu. Ukamazunguliza tebulo pang'onopang'ono mbali imodzi, mzerewo umayenda kulowera kumene kuli njira yowongoka ya kolimeta. Umautsatira ndi telesikopu. Umayamba kuchedwa, ngakhale dzanja lako likuzunguliza chimodzimodzi. Kenako umaima. Ukapitiriza kuzunguliza mbali yomweyo, mzere umatembenuka n'kuyamba kubwerera kumene unachokera. Pamene unaima paja ndiye pa kupatuka kochepetsetsa. Mnyamata wa funso la Loweruka uja ataona zimenezi anachotsa diso pa telesikopu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, wakana kupitirira, wabwerera wokha!" Aliyense anafuna aone yekha, ndipo tinawonongerapo theka la ola, limene sindikulidandaula.

Ndiye ndinamukumbutsa dambo lafulati lija. Ndinali nditawerengeratu kunyumba: kwa galasi la n pafupifupi 1.517, ukaphonya malo enieni a pulizimu ndi digiri yathunthu, D imakwera ndi miniti imodzi yokha. Ukaphonya ndi madigiri awiri imakwera ndi maminiti anayi, ukaphonya ndi anayi imakwera ndi maminiti 15. Kunena kwina, dzanja lozunguliza tebulo likhoza kulakwitsa ndi theka la digiri ndipo veniya singaone kusiyana. Kufulatika kumene kunatilepheretsa kupeza i pa girafu ndi komwe kukuchititsa kuti D ipezeke molondola. Ndipo kuphonya kulikonse, kaya kumanja kaya kumanzere, kumakweza D, sikuitsitsa. Choncho ana awiri akasiyana, amene wapeza D yaikulu ndiye woyamba kumufunsa ngati anafikadi potembenukira.

Njira yathu yoikira timizere ndi iyi: timaika mphambano pamene mzere ukuoneka kuti waima, timamanga telesikopu, kenako timagwedeza tebulo uku ndi uku. Ngati mzere ukudutsa mphambano n'kubwerera, telesikopu sinafike. Timaisuntha ndi sikuluwu yoyendetsa pang'onopang'ono mpaka mzere uzingofika pa mphambano, kuigunda, n'kubwerera.

Sitinayeze D kuchokera pa njira yowongoka. Tinayeza mbali imodzi, kenako tinatembenuza tebulo kuti kuwala kupatukire mbali inayo n'kupezanso potembenukira. Mtunda wa pakati pa malo awiriwo ndi 2D, ndipo cholakwa cha kuwerenga chimagawidwa pawiri. Veniya yoyamba inapereka 191°30' ndi 114°46'. Kusiyana kwake ndi 76°44', ndipo veniya yachiwiri inavomereza. Choncho D ndi 38°22'.

Ndi A ya 60°, tikaphatikiza A ndi D n'kugawa pawiri tikupeza 49°11', sin yake ndi 0.75681, ndipo tikagawa ndi 0.5 tikupeza n ya 1.5136. Ana anaomba m'manja. Ine ndinalemba nambalayo ndi pensulo.

Sabata yachiwiri, Lachisanu

Chifukwa cha pensulo ndi ichi: 60° ija palibe anaiyeza. Tinangoiona ndi maso n'kuikhulupirira. Ndinawerengera mmene n imasinthira: miniti imodzi pa D imasuntha n ndi pafupifupi 0.0002, ndipo miniti imodzi pa A imaisunthanso ndi 0.0002, kungoti mobwerera, A ikachepa n imakwera. Tavutika tsiku lonse kuti D ikhale yolondola mpaka miniti imodzi, pamene A ikhoza kukhala yolakwika ndi maminiti 20 ife osadziwa. Mapulizimu a m'sukulu sapangidwa mosamala ngati a m'zida zodula.

Kuyeza A sikufuna mchere, nyali wamba ikwanira, chifukwa kunyezimira sikusankha mtundu wa kuwala. Timalozetsa nsonga ya pulizimu ku kolimeta kuti kuwala kugawike, theka ligwere nkhope ya kumanzere, theka ya kumanja. Nkhope iliyonse imabweza chithunzi cha kampata ngati kalilole, ndipo ngodya ya pakati pa zithunzi ziwirizo ndi 2A.

Tinapeza 119°42', kutanthauza A ya 59°51'. Koma sindinakhutire. Zithunzi zinali zosaoneka bwino m'mphepete, ndipo ndikasuntha diso uku ndi uku pa choyang'anira, chithunzi chimayenda mosiyana ndi timizere. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti chithunzi sichikugwera pamene pali timizere. Titasuntha pulizimu pang'ono patebulo n'kuyezanso, A inasintha ndi maminiti angapo. Ngodya ya galasi singasinthe chifukwa chosuntha galasilo. Chinachake m'chida sichili bwino. Nthawi inatha tisanachipeze.

Sabata yachitatu, Lolemba

Vuto linali kolimeta. Lolemba lapitalo tinaikonza mothamanga, kampata katatsegulidwa kwambiri, ndipo kuwala kwake sikunali koyenda mofanana. Kumasonkhana pang'ono kutsogolo. Pa kuyeza A mwa njira ya Lachisanu, chimenechi ndi choopsa kuposa pena paliponse, chifukwa nkhope ya kumanzere imalandira theka lina la kuwala, ya kumanja theka linanso, ndipo ngati matheka awiriwo sakuloza kumodzi, kusiyana kwawo kumalowa mu 2A mwachindunji. Kuwala kosonkhana kumakulitsa A, kobalalika kumaichepetsa.

Tinakonza pogwiritsa njira ya Schuster, imene sifuna phiri lakutali. Timayatsa lawi lamchere, timaika telesikopu pa kupatuka kokulirapo pang'ono kuposa kochepetsetsa, n'kuimanga. Mapasa aja a pa girafu amabweranso apa: pali malo awiri a tebulo amene amabweretsa mzere wachikasu pa mphambano. Pa malo amene kuwala kukulowa mopendekera kwambiri, mzere umaoneka wowonda, ndipo pamenepo timakonza telesikopu yokha. Pa malo enawo mzere umaoneka wonenepa, ndipo timakonza kolimeta yokha. Tinabwereza kanayi, mpaka mzere unaoneka wakuthwa pa malo onse awiri popanda kukhudza kanthu. Tinachepetsanso kampata mpaka kutsala ngati tsitsi.

Kuyeza A kachiwiri: veniya yoyamba 212°50' ndi 93°28', kusiyana 119°22'. Veniya yachiwiri 32°51' ndi 273°25'. Apa sikelo yadutsa pa ziro, choncho timawonjezera 360° ku nambala yoyamba, ndipo kusiyana ndi 119°26'. Mwana wina anaiwala zimenezi n'kupeza 240°34', ndipo ndi bwino kuti zachitika pano osati pamayeso. Maveniya awiriwo akusiyana ndi maminiti anayi chifukwa pakati pa sikelo sipali ndendende pamene telesikopu imazungulirapo. N'chifukwa chake opanga anaika awiri moyang'anizana: imodzi ikachulukitsa, inzake imachepetsa mofanana. Pakati pake ndi 119°24', ndipo A ndi 59°42'.

Popeza A yatipusitsa kale kamodzi, tinaiyezanso mwa njira ina. Telesikopu tinaimanga malo amodzi, tinabweretsa chithunzi chonyezimira cha nkhope yoyamba pa mphambano, kenako tinazunguliza tebulo lokha mpaka nkhope yachiwiri yabweretsa chithunzi chake pomwepo. Tebulo limazungulira 180° kuchotsa A. Linazungulira 120°18'. A ndi 59°42' kachiwiri. Tasunthanso pulizimu patebulo, nambala sinasinthe.

Sabata yachitatu, Lachitatu

Popeza D tinaiyeza kolimeta isanakonzedwe, tinayenera kuibwereza. Ana atatu anayeza aliyense payekha, wina osaona nambala ya mnzake: 38°22', 38°23', 38°22'. Sinasinthe. Pa D kuwala konse kumadutsa njira imodzi, sikugawidwa pawiri, choncho fokasi yolakwika inangonenepetsa mzere koma sinasunthe pakati pake.

Kuwerengera komaliza kwa pulizimu yopepuka, pa kuwala kwa sodiyamu:

```
A = 59°42'    D = 38°22'
sin(49°02') = 0.75509
sin(29°51') = 0.49773
n = 0.75509 / 0.49773 = 1.5171
```

Tiyerekeze ndi zam'mbuyo. Pokhulupirira 60° tinapeza 1.5136. Ndi A ya kolimeta yosakonza tikanapeza 1.5153. Ndi A yoyezedwa bwino tapeza 1.5171. D ndi yomweyo m'zonse zitatu. Maminiti 18 a pansonga ya pulizimu, amene palibe pulotakitala ingawaone, asuntha yankho ndi 0.0035, kuposa kakhumi cholakwa chimene veniya ingabweretse pa D. Tikalola miniti imodzi yokayikitsa pa A ndi imodzi pa D, n ikhoza kusuntha ndi 0.0004 zikagwirizana moipa. Choncho chimene ndingaimirire ndi 1.517, nambala yachinayiyo ndailemba koma sindiilumbirira.

Galasi lodziwika kwambiri la malenzi ndi mapulizimu, BK7, lili ndi n ya 1.5168 pa kuwala kwachikasu kwa mananomita 587.6, ndipo pa sodiyamu imatsika pang'ono chabe. Yathu yagwera pomwepo. Ana anafuna tilembe pa pulizimu kuti BK7. Ndakana, chifukwa magalasi angapo a mtundu wake, wotchedwa kirawuni, ali ndi n yoyandikana ndi imeneyi, ndipo nambala imodzi singasiyanitse. Chimene chingatiyandikitse ndi kuona mmene n ikusinthira ndi mtundu wa kuwala.

Cholakwa china chaching'ono chimene chinatichedwetsa lero: kakyuleta ya mwana wina inali pa maradiyani, ndipo wina analemba 49°02' ngati 49.02 m'malo mwa 49.033. Chachiwirichi n'chobisika, chifukwa yankho limatuluka looneka bwinobwino, 1.5168, ndipo likanatisangalatsa kwambiri kuposa loona.

Sabata yachitatu, Lachisanu

Tilibe nyali ya mekyule ya mu labotale, koma babu losunga magetsi, lija lopindikapindika, lili ndi nthunzi ya mekyule m'kati. Titaliika patsogolo pa kampata tinaona mizere yowala yosiyana pamwamba pa kuwala kofalikira: wofiirira, wobiriwira wowala kwambiri, ndi wabuluu. Wobiriwira wa mekyule ndi wa mananomita 546.1, wabuluu ndi wa 435.8. Pafupi ndi wobiriwirawo pali kuwala kwina kochokera ku ufa wopakidwa m'kati mwa babu, kumene kumaunenepetsa pang'ono, choncho nambala ya wabuluu ndimaikhulupirira kuposa ya wobiriwira.

Mfundo imene ana anaiphonya poyamba: mzere uliwonse uli ndi potembenukira pake. Sungaike tebulo pa kupatuka kochepetsetsa kwa wobiriwira n'kungosuntha telesikopu kupita pa wabuluu. Pa pulizimu iyi kusiyana kwa malo a tebulo ndi kochepa, kosakwana theka la digiri, ndipo dambo lafulati likanatikhululukira, koma ndikufuna chizolowezi chikhale cholondola tisanafike pa galasi lobalalitsa mitundu kwambiri.

Wobiriwira: D ndi 38°32', n ndi 1.5190. Wabuluu: D ndi 39°15', n ndi 1.5272. Kuchoka pa chikasu cha sodiyamu kufika pa buluu wa mekyule n yakwera ndi 0.010, ndipo BK7 imakweranso ndi 0.010 pakati pa mizere yomweyi. Apa ndavomera kuti tilembe pa kapepala kuti "kirawuni, yofanana ndi BK7, A = 59°42', n = 1.517 pa sodiyamu", ndipo tamata kapepalako kutsinde, kumene kuwala sikudutsa. Tajambulanso kadontho pa nsonga imene tayeza, chifukwa ngodya zitatu za pulizimuyi sizofanana. Ngati iyi ndi 59°42', zina ziwirizo zagawana maminiti 18 otsalawo, ndipo wodzayeza chaka chamawa akadzatembenuza pulizimu adzapeza D ina.

Magetsi anathima tisanamalize kubwereza wabuluu kachitatu, choncho nambala imeneyo yaima pa miyeso iwiri yokha.

Sabata yachinayi, Lachiwiri

Tayamba pulizimu yolemera ija. Titangoiika patebulo ndi babu losunga magetsi, kusiyana kunaoneka tisanawerenge veniya: mizere yatalikirana kuposa kawiri mmene inalili pa inzake, ndipo telesikopu inayenera kupita kutali kuti iipeze. Ndi lawi lamchere, mbali ziwiri zapereka 2D ya 96°20', choncho D ndi 48°10'. Tikanati A ndi 60°, n ikanakhala 1.620, imene ndi ya galasi la fulinti, lokhala ndi mtovu, ndipo zikugwirizana ndi kulemera kwake m'manja.

Mtsikana amene mapini ake anasowa tsiku lija ndiye anali ndi choko. Analemba 1.620 pabolodi, kenako anafufuta ziro n'kusiya 1.62, nati, "A sitinayeze, aphunzitsi." Pa galasi ili miniti imodzi ya A imasuntha n ndi pafupifupi 0.00024, kuposa pa pulizimu yoyamba, chifukwa D yake ndi yaikulu.

Zotsala Lachinayi: kuwongolanso tebulo, popeza tsinde la pulizimu iyi lili ndi kobenthuka pangodya ndipo ikugwedera, kuyeza A mwa njira zonse ziwiri, kubwereza wabuluu wa pulizimu yoyamba ngati magetsi alipo. Tigule sipiriti wina, botolo latsala pang'ono kutha.